Intavyu ya utesita wa sofutiweya kwa ongoyamba kumene: mafunso amene sasowa ndi kayankhidwe kake

Amene mwaitanidwa ku intavyu ya utesita koma simunagwirepo ntchitoyi pakampani iliyonse, dziwani kuti mafunso ake sasinthasintha kwenikweni, amangozungulira pomwepomwepo. Pomwe ambiri timagwera mpoti timaloweza matanthauzo ngati tikukalemba MSCE, ndiye mkulu wofunsa uja akangoti "chabwino, perekani chitsanzo" basi munthu kakasi, maso kudenga. Iwowo matanthauzo akuwadziwa kale, chomwe akufuna amve ndi mmene mutu wanu umayendera mukapatsidwa chinthu choti muchiyese.

Mayankho onse ndawalemba m'Chichewa ngakhale intavyu nthawi zambiri imakhala ya m'Chingerezi. Gwirani kaye mfundo yake, Chingerezicho mukachiveka nokha tsikulo.

Sitepe 1: Pezani apu imodzi yoti muzikatolamo zitsanzo zonse

Musanayambe kuyeserera funso lililonse, sankhani apu imodzi imene mukuimvetsa bwinobwino mpaka m'makona mwake. Mayankho anu onse azikachokera mmenemo. Ine pano ndigwiritsa ntchito yongoyerekeza, koma ndi yoti aliyense wa kuno ku Kasungu aiona m'maso.

Tinene kuti kopaletivi ina ikugula soya kwa alimi pa depoti ya ku Santhe. Kalaliki ali ndi foni, mufonimo muli apu. Mlimi akabwera ndi matumba ake, kalaliki amayeza pasikelo, nkulemba nambala ya foni ya mlimi, nkulemba makilo, apu imawerengetsa ndalama, kenako amadina batani la `Lipira` ndipo ndalama zimapita ku Airtel Money kapena Mpamba ya mlimiyo. Lamulo lomwe eni apu analemba ndi loti pa lisiti limodzi makilo azikhala kuyambira 1 mpaka 500. Mtengo tingouika pa K1,000 pa kilo kuti masamu asativute.

Basi apu yathu ndi imeneyi. Inu mutha kutenga ina, kaya ya banki mkhonde, kaya yolipilira fizi, bola muzidziwa kuti ndani amaigwiritsa ntchito, ali pati, ndipo ikalakwitsa amalira ndani.

Sitepe 2: "Tiuzeni za inu" komanso nkhani yoti mulibe ekisipiliyensi

Funso ili limabwera koyamba ndipo silofunika kulitalikitsa. Mphindi imodzi ndi theka yakwana. Osayambira ku pulayimale, osatchula kuti ndinu wachitatu kubadwa. Yankho lake likhale chonchi:

"Ndinaphunzira za kompyuta, ndipo pa zonse zomwe tinkachita chimene chinandikoka kwambiri ndi kufufuza pomwe pulogalamu ikulakwitsa. Sindinagwirepo ntchitoyi pakampani, koma ndakhala ndikuyesa ndekha maapu a pafoni yanga, ndimalemba matesiti kesi mu Excel komanso malipoti a mabagi omwe ndapeza. Ndabweretsa ena ngati mungafune kuona."

Chiganizo chomalizacho ndiye nkhani yagona pamenepo, koma chikhale choona. Ndiye sabata ya intavyu isanafike khalani pansi mulembedi matesiti kesi khumi kapena khumi ndi asanu a apu yomwe muli nayo mufoni, iliyonse yonena choti muchite pa apu ndi chomwe ikuyenera kuyankha, ndi malipoti a mabagi awiri atatu, muike mu Google Drive kapena mupulinte. Munthu wobwera ndi pepala amasiyana kutali ndi wongonena pakamwa kuti "ndimakonda kwambiri zamatekinoloje".

Sitepe 3: "Bokosi ili limalandira makilo 1 mpaka 500, mungaliyese bwanji?"

Apa ndiye pamene intavyu imapindulidwira kapena kutayikira, ndiye tikhalitsapo.

Chinthu choyamba, musathamangire kuyankha. Funsani kaye. Anthu ambiri amaopa kuti akafunsa aoneka osadziwa, pomwe wofunsayo akudikira dala kuti aone ngati mufunse, chifukwa tesita wosafunsa amayesa zinthu zamumutu mwake. Mafunso ake ndi awa: 1 ndi 500 yemweyo akuloledwa kapena malire ali mkati mwake? Nanga makilo atheka ngati 49.5 akuloledwa, poti sikelo simangotulutsa manambala athunthu okhaokha? Munthu akalemba zosaloledwa apu izimuuza chani?

Akakuyankhani, tinene kuti ati manambala athunthu okha ndipo 1 ndi 500 akuloledwa, ndiye muyambe:

"Sindingayese manambala onse 500, ndipo palibe chifukwa chotero. Ndiwagawa m'magulu omwe apu ikuyenera kuwatenga mofanana. Gulu loyamba ndi ochepera 1, lachiwiri ndi 1 mpaka 500, lachitatu ndi opitilira 500. Pagulu lililonse nditenga nambala imodzi yoimira anzake, mwachitsanzo -5, 250 ndi 800. Ngati 250 wadutsa bwino, 251 ndi 320 sandiuza chachilendo. Kenako ndipita m'malire penipeni, ndiyesa 0, 1, 500 ndi 501. 1 ndi 500 akuyenera kudutsa, 0 ndi 501 akuyenera kukanidwa."

Njira yoyambayo, yogawa m'magulu, ndi imene amaitcha ikwivalensi patishoning'i, yachiwiriyo ndi baundale valiyu analisisi. Mayinawo atchuleni mukamaliza kufotokoza osati poyamba. Mabuku ena amawonjezera 2 ndi 499, kuti malire aliwonse ayesedwe ndi manambala atatu, mukatero sikulakwa.

Nthawi zambiri amatsatiza ndi funso loti "nchifukwa chani mukulimbana ndi malire?" Apa ambiri amangoti "chifukwa mabagi amakhala m'malire" nkukhala chete. Inu onetsani chomwe chimachititsa. Divelopa atha kulemba chonchi:

```
if (kg > 1 && kg < 500)
```

pomwe amayenera kulemba `>=` ndi `<=`. Kodi imeneyi 250 imulandira bwinobwino, 800 imukana bwinobwino, aliyense aona ngati zonse zili mchimake. Koma mlimi wobwera ndi matumba khumi a makilo 50 lililonse, omwe ndi 500 ndendende, apu imukana, ndipo kalaliki sadziwa kuti chavuta nchani, mzere uli phee kudikira. Kachizindikiro kamodzi kokha kosowa, ndipo tesiti yoti ikagwire ndi ya 500 ndi ya 1 basi.

Musathere pa manambala. Pitilizani kuti: "Ndikatero ndiyesa zomwe anthu amachitadi ali pantchito. Kusiya bokosi lopanda kanthu nkudina `Lipira`. Kulemba 49.5, kulemba 49,5 ndi koma. Kulemba `50kg` ndi zilembo zomwe. Kuika sipesi patsogolo kapena pambuyo. Kulemba 050. Kulemba O wachilembo m'malo mwa ziro. Pa chilichonse ndiona zinthu ziwiri, ngati apu yakana, komanso ngati uthenga womwe yatulutsa kalaliki angaumve."

Akakupatsani bokosi la nambala ya foni, apa ndiye ife tili ndi mwayi chifukwa tikudziwa mmene anthu amalembera manambala kuno. Nambala ya m'manja imakhala ndi madijiti 10 ukayamba ndi 0, ya Airtel monga zoyamba ndi 099, ya TNM 088. Koma wina alemba kuyambira +265, wina 265 wopanda pulasi, wina asiya ziro, wina aika masipesi pakati, wina akopera ku WhatsApp nkubwera ndi tizizindikiro tosaoneka. Funso lalikulu nlakuti apu ikuzindikira kuti yoyamba ndi 0 ndi yoyamba ndi +265 ndi ya munthu mmodzi yemweyo? Ikapanda kuzindikira, mlimi mmodzi akhala ndi maakaunti awiri ndipo malipoti a kumapeto kwa sizoni sadzagwirizana. Mukanena zimenezi wofunsa uja amadziwa kuti mukuganizira anthu enieni osati zam'buku.

Sitepe 4: "Mwapeza bagi, lipoti lake mungalembe bwanji?"

Ena amakupatsani pepala kapena laputopu kuti mulembe pomwepo. Ndiye tiyeni tipeze bagi imodzi tiilembe yonse.

Netiweki pa depoti ndi yofooka. Kalaliki walemba makilo 120, apu yawerengetsa K120,000, wadina `Lipira`, palibe chikuoneka kuti chachitika. Wadinanso. Patapita kanthawi mlimi foni yalira kawiri, walandira K240,000.

Wongoyamba kumene amalemba kuti "kulipira sikukuyenda bwino" nkutumiza. Divelopa akawerenga zimenezo palibe chomwe angachite nazo, abwera kudzakufunsani kuti sikukuyenda bwanji, ndipo tsiku latha. Lipoti labwino ndi loti munthu amene simunalankhule naye atha kulitsatira nkuiona bagiyo ndi maso ake. Mu Jira, pulogalamu yomwe matimu amalembamo matikiti a mabagi, mutu umalowa pa `Summary`, zina zonsezi pa `Description`:

Mutu: Kudina `Lipira` kawiri netiweki ili yofooka kukutumiza ndalama kawiri pa lisiti limodzi.

Poyesera: foni ya itel, Android 11, apu veshoni 1.4.2, seva yoyesera, netiweki ya 2G.

Masitepe: 1. Lowani ngati kalaliki. 2. Sinthani netiweki ya foni ikhale pa 2G. 3. Lembani nambala ya mlimi woyesera ndi makilo 120. 4. Dinani `Lipira`. 5. Uthenga usanabwere, dinaninso `Lipira`.

Zomwe zimayenera kuchitika: batani lizime likangodinidwa koyamba, ndalama zipite kamodzi, K120,000.

Zomwe zachitika: batani likudinikabe, ndalama zapita kawiri, zonse pamodzi K240,000, pa nambala ya lisiti imodzi.

Kangati: kanayi pa maulendo asanu pa 2G, pa Wi-Fi sizinachitike.

Umboni: kavidiyo ka sikirini ndi sikirinishoti ya malipiro awiriwo.

Taonani mzere wa "kangati" uja, ambiri amauiwala pomwe ndi umene umamuuza divelopa koyang'ana. Zoti pa Wi-Fi sizikuchitika zikusonyeza kale kuti vuto lili pa kanthawi kodikira yankho la seva. Chinanso, mu lipoti musalembemo kuti wolakwa ndani, musalembe zokalipa, ndipo bagi imodzi lipoti limodzi. Mukapeza kuti pa sikirini yomweyo palinso sipelo yolakwika, imeneyo ilembeni payokha, mukaziphatikiza wina akonza chophwekacho nkutseka tikiti.

Pena amalowetsapo kafunso ka kusiyana kwa era, difekiti ndi feliya. Yankhani ndi bagi yomweyi: divelopa kuiwala zoti munthu atha kudina kawiri ndiye era, kodi yosazimitsa batani ija ndiye difekiti, mlimi kulandira ndalama kawiri ndiye feliya. Osataya nthawi yambiri pamenepa.

Sitepe 5: Siveriti ndi pulayoriti

Funso ili silisowa, ndipo wofunsa amafuna zitsanzo za pomwe ziwirizi zasemphana. Yankho:

"Siveriti ndi kukula kwa chiwonongeko chomwe bagi ikuchita. Pulayoriti ndi changu chomwe ikufunika kukonzedwa nacho. Bagi yolipira kawiri ija zonse zili pamwamba, ndalama zikutayika ndipo zikutayika lero. Koma tinene kuti lipoti la kumapeto kwa sizoni likumagwetsa apu ukalitsegula, ndipo tili mu Meyi kugula kwangoyamba kumene, lipotilo lidzafunika miyezi ingapo kutsogoloku. Siveriti ndi yaikulu poti apu ikugwa, koma pulayoriti itha kudikira. Mbali inayi, dzina la kopaletivi lalembedwa molakwika pa sikirini yoyamba, ndipo mawa mabwana akukaonetsa apuyi kwa opereka thandizo. Palibe chikuwonongeka, siveriti ndi yochepa, koma ikonzedwe lero lomwe."

Onjezerani kuti kawirikawiri tesita ndi amene amaika siveriti, pomwe pulayoriti mawu omaliza amakhala a mwini pulodakiti kapena manenjala wa pulojekiti, chifukwa ndi amene akudziwa za bizinesi. Makampani amasiyana pamenepa, ndiye nenani kuti "kawirikawiri".

Sitepe 6: Ritesiti, rigiresheni ndi simoku tesiti

Tipitilize ndi bagi yathu yomweyi. Divelopa wakuuzani kuti wakonza, wakupatsani veshoni 1.4.3.

"Choyamba ndipanga simoku tesiti, kungoona mwachangu ngati biludi yatsopanoyi ili moyo: ikutseguka, ndikutha kulowa, sikirini yolipira ikubwera. Ikalephera pamenepa ndiibweza, palibe chifukwa chopitilira. Kenako ritesiti, kutsatira masitepe omwe aja a mu lipoti langa, foni yomweyo, 2G yomweyo, kuona ngati bagi yathadi. Ndikatero rigiresheni, kuyesa zinthu zomwe zinkayenda bwino kale kuti ndione ngati kukonzaku sikunaziphwanye."

Apa musangoima, chifukwa funso lotsatira ndi loti "rigiresheniyo muyesa chani kwenikweni?" Ganizani mmene wakonzera. Ngati wapanga kuti batani lizizima likadinidwa, ndiye funso nlakuti limayakanso liti? Netiweki ikaduka pakati kulipira nkulephereka, batani liyakanso kuti kalaliki ayesenso, kapena likhala lozima mpaka atseke apu? Nanga ngati wapanga kuti seva izikana malipiro ofanana obwera motsatizana, mlimi amene wabweretsadi makilo 120 kawiri, ngolo yoyamba ndi yachiwiri, malisiti awiri osiyana, alipidwa kachiwiriko? Zimenezi ndi zomwe zimaphwanyika pokonza bagi yamtunduwu, ndipo munthu wa juniya akazitchula yekha osamukumbutsa, mabwana amayang'anana.

Sitepe 7: "Divelopa akuti si bagi, kapena akuti kwa iye zikuyenda"

Apa sakuyesa nzeru za kompyuta, akuyesa khalidwe. Mayankho awiri amagwetsa anthu. Lina ndi loti "ndikamunenera kwa abwana", linalo ndi loti "poti iye ndi wamkulu pantchito ndingotseka tikiti". Onse awiri ayi.

"Ndiyamba ndayesanso ndekha kuti nditsimikize kuti ndikuibweretsabe. Kenako ndiona kusiyana kwa pomwe iye akuyesera ndi pomwe ine ndikuyesera, mwina iye ali pa Wi-Fi ya muofesi ndi foni yamphamvu pomwe ine ndili pa 2G. Ndimupempha tikhale limodzi ndimuonetse, kapena ndimutumizira kavidiyo. Ngati akuiona koma akuti umu ndi mmene apu ikuyenera kuchitira, titsegula zomwe zinalembedwa mu marikwayamenti. Ngati mmenemo mulibe chilichonse pa nkhaniyi, si ine kapena iye woti agamule, tikafunsa mwini pulodakiti, ndipo chomwe wagamula ndichilemba mu tikiti."

Kumbali ya netiweki, dziwani kayesedwe kake kuti asakupezereni. Pa foni ya Android mutha kusankha 2G mu masetingi a SIM ngati foniyo ikulola, kapena kuyatsa `Airplane mode` pakati pa kulipira. Ngati ndi webusaiti, mu Chrome dinani `F12`, pitani pa tabu ya `Network`, pali kabokosi kolembedwa `No throttling`, pamenepo mutha kusankha netiweki yochedwa kapena `Offline`. Kunena zoona ife okhala kuno netiweki yofooka sitichita kuisaka, ungotuluka pang'ono pa boma kulowera kumidzi waipeza kale, ndipo madivelopa ambiri okhala m'maofesi a ku Lilongwe amaiwala zoti anthu awo ali kumeneko. Chimenecho chitchuleni ngati mphamvu yanu.

Nanga bagi yomwe inachitika kamodzi kokha, mwayesa mwayesa sikubweranso? Ilembeni ndithu, nenani poyera kuti yaoneka kamodzi, ikani nthawi yeniyeni yomwe inachitika kuti divelopa akayang'ane m'malogi a seva pa nthawi imeneyo.

Sitepe 8: "Rilizi ndi mawa, matesiti kesi alipo 200, nthawi ikukwana 40 okha"

"Ndisankha potengera chiopsezo. Poyamba zomwe zikalakwika ndalama zitayika kapena ntchito iima, monga kulowa mu apu, kuwerengetsa ndalama ndi kulipira. Kachiwiri malo omwe kodi yasinthidwa mu rilizi imeneyi ndi oyandikana nawo. Kachitatu malo omwe akhala akutulutsa mabagi m'mbuyomu. Zosintha chithunzi cha pulofailo zidikire. Ndikamaliza ndiwauza atsogoleri momveka kuti izi ndayesa, izi sindinayese, ndipo chomwe chingachitike ndi ichi, kuti asankhe akudziwa."

Mbali yomalizayo musaisiye. Tesita sabisa zomwe sanayese. Ndipo akakufunsani kuti "mungatitsimikizire kuti apu ilibe bagi?" yankho ndi ayi, mwaulemu. Kuyesa kumaonetsa kuti mabagi alipo, sikungatsimikize kuti kulibe. Mfundo imeneyi ili mu silabasi ya ISTQB, bungwe loona za masatifiketi a utesita, ndipo wofunsa amakhala akuidikira.

Sitepe 9: Ka SQL ndi ka API

Pa juniya safuna zambiri, koma kungoti "sindidziwa" nkungokhala sikuthandiza. Funso lodziwika ndi loti mungapeze bwanji zolembedwa kawiri mu tebulo. Ndi bagi yathu ija, tikufuna malisiti omwe alipidwa koposa kamodzi:

```sql
SELECT receipt_no, COUNT(*)
FROM payments
GROUP BY receipt_no
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Akafunsa kuti bwanji `HAVING` osati `WHERE`, nenani kuti `WHERE` amasefa mizere isanaikidwe m'magulu, pomwe `HAVING` amasefa magulu atapangidwa kale, ndipo kuwerenga kwathuku kukuchitika pa magulu.

Za API, njira yomwe apu imalankhulirana ndi seva, fotokozani ndi bokosi la makilo lija. "Apu ikukana -5, chabwino, koma kodi seva nayo ikukana? Nditsegula Postman nkutumiza -5 molunjika ku seva osadzera pa apu. Ndikuyembekeza `400` ndi uthenga wonena cholakwika. Ikabweza `200` ndiye kuti chitetezo chili pa apu pokha, aliyense wodziwa kulambalala apu atha kulowetsa zabodza. Ikabweza `500` ndiye kuti seva yadzigwera yokha, imeneyonso ndi bagi." Manambala atatu amenewa kuphatikizapo `401` wa munthu yemwe sanalowe ndi `404` wa chinthu chosapezeka akukwanirani pa levulo imeneyi.

Za otomesheni, kulemba kodi yoti iziyesa apu yokha m'malo mwa munthu, ngati simunagwirepo Selenium kapena Playwright musaname, amangofunsa kafunso kamodzi kotsatira nkukugwirani. Nenani kuti pakadali pano mumayesa pamanja, ndipo mukudziwa kuti zoyenera otomesheni ndi matesiti obwerezedwa pa rilizi iliyonse monga rigiresheni ya kulipira, osati sikirini yomwe ikusinthidwa sabata ndi sabata.

Ena amafunsa ngati muli ndi satifiketi ya ISTQB. Ya faundeshoni mayeso ake ndi mafunso 40 osankha yankho, kukhoza ndi 26, nthawi ndi mphindi 60, ndipo amawonjezera mphindi 15 kwa olemba m'chilankhulo chomwe si chawo chobadwa nacho. Silabasi yake, veshoni 4.0 yomwe inatuluka mu 2023, ndi yaulere pa webusaiti yawo. Maganizo anga, ngati ndalama ya mayeso palibe musadandaule nazo, werengani silabasiyo kuti mawu a ntchitoyi muwazolowere, nkukanena zoona kuti mwawerenga koma simunalembe.

Sitepe 10: Kuyeserera ndi tsiku lenilenilo

Mayankhowa osawawerenga chamumtima. Pezani mnzanu akhale wofunsa, muziyankha mokweza m'Chingerezi, ndipo mumuuze kuti yankho lililonse azitsatiza ndi "chifukwa chani?" kapena "perekani chitsanzo china". Dzijambuleni mawu pafoni mumvetsere, mudzamva nokha pomwe mukuzungulira. Kenako sinthani apu, mayankho omwewo muwayese pa fomu yolowera ya yuzanemu ndi pasiwedi, chifukwa imeneyonso amaikonda kwambiri. Magulu ake ndi omwe aja: zolondola zonse, pasiwedi yolakwika, bokosi lopanda kanthu, zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kulakwitsa kambirimbiri motsatizana kuti muone ngati akaunti itsekedwa.

Ngati intavyu ndi ya pa Google Meet kapena Teams, tchajani laputopu ndi pawabanki usiku wake, bandulo ikhale pa malaini onse awiri kuti ina ikavuta mudumphire inayo, ndipo linki iyeseni kukadali ola lathunthu. Ngati akuitanani ku Lilongwe, ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, koma minibasi imanyamuka ikadzadza osati nthawi yanu ikakwana, ndiye ya 9 koloko m'mawa kuli bwino kukagona konko kwa achibale.

Pomaliza amati "muli ndi funso?" Khalani ndi awiri okonzeka, okhudza ntchito yeniyeniyo. Funsani ngati ali ndi seva yoyesera yosiyana ndi yomwe makasitomala akugwiritsa ntchito, komanso ngati timuyo ili ndi tesita wamkulu woti muziphunzirako kapena mukhala nokha. Akati seva ndi imodzi yomweyo ndipo tesita mukhala inu nokha, funsaninso kuti nanga malipiro ngati aja a `Lipira` mumawayesa ndi ndalama za ndani.